Funso limodzi, yankho lolondola limodzi

Mphunzitsi wa pa koleji ya anamwino ali ndi manotsi a masamba khumi onena za malungo, ndipo akufuna kutulutsamo mafunso osankha yankho. Njira yachidule n'kukopera chiganizo m'manotsimo, kuchotsapo mawu amodzi, basi funso latha. Koma funso lotere limangoyesa ngati wophunzira analoweza tsambalo. Choyamba n'kusankha mfundo zomwe namwino ayenera kudziwa akakhala ndi wodwala pamaso pake, ndipo mfundo iliyonse ikhale ndi funso lakelake.

Titenge mfundo ya mankhwala. Wina angafunse kuti, “Mankhwala a malungo ndi ati?” n'kuika mayankho awa: LA, fansida, kwinini, panado. Apa zasokonekera kale, poti atatu oyambawo onse ndi mankhwala a malungo. Wophunzira amene wasankha kwinini akadzabwera kudzadandaula, mphunzitsi adzasowa chonena.

Chofunika n'kulipanikiza funsolo mpaka yankho litatsala limodzi. Lingamveke chonchi: “Mwana wa zaka 6 wayezedwa magazi ndipo wapezeka ndi malungo. Akudya, akumwa, sakusanza ndiponso sanakomoke. Malinga ndi ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo, apatsidwe mankhwala ati?” Tsopano phimbani mayankho ndi dzanja. Ngati wodziwa ntchitoyi angayankhe kuti LA asanaone mayankhowo, funso lakhwima.

Ntchito yaikulu ili pa mayankho atatu olakwika aja. Aliwonse achokere pa kulakwitsa komwe ophunzira amachitadi. Jakisoni wa atesuneti akopa amene sasiyanitsa malungo wamba ndi malungo aakulu. Fansida akopa amene akukumbukira kuti amayi oyembekezera amapatsidwa mankhwalawa kusikelo, koma waiwala kuti kumeneko ndi oteteza. Panado naye ali ndi malo ake, chifukwa ena amathamangira kutsitsa kutentha kwa thupi n'kuiwala tizilombo. Koma mukaikapo mankhwala a mphere pongofuna kudzaza mzere, palibe angawasankhe, ndiye kuti wongolotera mwamuchepetsera ntchito.

Ophunzira ochenjera amadziwanso kununkhiza yankho ngakhale sanawerenge. Amaona kuti lolondola ndi lija lalitali, lofotokozedwa mosamala, kapena kuti mphunzitsiyu amakonda kulibisa pa C. Choncho mayankho onse akhale ofanana kutalika, ndipo lolondola lizisinthasintha malo. Yankho lakuti “zonsezi n'zolondola” ine ndimaliona ngati ulesi: munthu akangozindikira ziwiri zoona, wapeza malikisi osadziwa chachitatu.

Funso lisanapite kosindikiza, mpatseni mphunzitsi mnzanu ayankhe osaona mayankho anu. Akasankha zosiyana ndi inu, kapena akati “zimatengera”, bwererani mukalikonze. Mayeso akatha, werengani kuti yankho lililonse analisankha anthu angati. Mukapeza kuti ophunzira amene akhoza bwino mafunso ena onse agawikana pakati pa A ndi C, nthawi zambiri vuto limakhala la funsolo, ndipo ndi bwino kulichotsa musanaphatikize malikisi.