Polemba shefu wamkulu, musangolawa supu

Lesitilanti ikamakula n'kufika pa mipando 50 kapena 60, mwini wake sangathenso kuoda katundu ku msika, kuyang'anira miphika ndi kulandira ndalama nthawi imodzi. Apa m'pamene pamafunika shefu wamkulu. Ambiri amalakwitsa posankha munthu chifukwa choti ndiwo zake zikukoma. Kukoma n'kofunika ndithu, koma shefu wamkulu ndi amene amagwira mpamba wa bizinesi m'manja mwake tsiku lililonse. Nyama, mafuta ndi makala zonse zimadutsa mwa iye.

Chinthu choyamba ndi kulemba chikalata chofotokoza ntchitoyo, ndipo tsamba limodzi ndi lokwanira. Mawu akuti "tikufuna munthu wolimbikira ntchito" sathandiza, chifukwa aliyense amati ndi wolimbikira. Chikalatacho chinene kukula kwenikweni kwa khitchini. Mwachitsanzo: malo a mipando 60, mbale pafupifupi 150 patsiku, zambiri zotuluka masana, ndi antchito asanu oti awayang'anire. Munthu amene anazolowera loji ya alendo khumi adziwiretu zomwe akulowa.

Kenako chitchule zomwe shefuyo adzayankhe zikalakwika: kukonza menyu, kuika muyeso wa mbale iliyonse, kulemba zofunika kuoda, kuwerenga sitoko ndi ukhondo wa m'khitchini. Chinenenso malire a mphamvu zake. Kodi adzagwira ndalama zogulira katundu, kapena adzangolemba mndandanda n'kupereka kwa manijala? Mikangano yambiri ya m'khitchini imayambira pa mfundo imeneyi ikasiyidwa osalemba.

Maola nawo alembedwe. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limati maola a masiku onse asapitirire 48 pa sabata, ndipo nthawi yoyesa wantchito waluso isapitirire miyezi 12. Satifiketi ya ku Malawi Institute of Tourism kapena ya TEVETA ndi yothandiza, koma siyionetsa ngati munthu amatha kusunga sitoko. Zimenezo zimadziwika pa mafunso.

Funso lamphamvu kwambiri ndi la masamu, ndipo ofunsidwa apatsidwe pepala ndi cholembera. Lingakhale lotere: "Mwagula nyama ya ng'ombe makilo 10 pa mtengo wa K10,000 pa kilo. Mbale iliyonse imalowa magalamu 200 a nyama yosaphika. Mutulutsa mbale zingati, ndipo nyama ya mbale imodzi ikhala ndalama zingati?"

Wothamanga amayankha kuti mbale 50, iliyonse K2,000. Shefu wodziwa ntchito amayamba wafunsa ngati nyamayo ili ndi mafupa ndi mafuta. Ngati zochotsa zikwana makilo awiri, yotsala ndi makilo 8. Pamenepo mbale ndi 40, ndipo nyama ya mbale imodzi ndi K2,500. Amene waika mtengo wa chakudya potengera K2,000 ndiye kuti akutaya K500 pa mbale iliyonse osadziwa.

Funso lotsatira lichokere pomwepo: "Nanga ophika anu akamaika magalamu 250, mudziwa bwanji?" Pa muyeso umenewo makilo 8 aja amatulutsa mbale 32 zokha. Ngati mbale ikugulitsidwa K8,000, mbale 8 zosowazo ndi K64,000 yomwe sinalowe m'kabati. Yankho labwino limatchula sikelo, kudula nyama m'magawo makasitomala asanafike, ndi kufananiza magawo otuluka ndi malisiti madzulo. Wongonena kuti "ndimadziwa ndi maso" ndi wofunika kusamala naye.

Mafunso ena akhale a zomwe munthuyo anachitapo kale, osati zomwe akulonjeza. "Tatiuzeni za tsiku lomwe magetsi anazima filiji ili yodzaza nkhuku. Munachita chiyani?" Wodziwa amafotokoza kuti analetsa kutsegulatsegula filijiyo, anayamba kuphika zosachedwa kuonongeka, ndipo zokayikitsa anataya n'kuzilemba m'buku. Amene akunyadira kuti sanatayepo kanthu akhoza kudzatsegulitsa makasitomala m'mimba.

Pomaliza, ofunsidwa awiri kapena atatu amene achita bwino aphike m'khitchini momwemo, ndi mbaula ndi miphika yomwe ilipo. Apatsidwe zakudya ziwiri za pa menyu, monga chambo ndi nsima, komanso nkhuku ndi tchipisi, ndi nthawi yofanana. Mwini malo asangodikira mbale pa tebulo. Aime m'khitchini n'kuona ngati munthuyo wasamba m'manja, ngati mpeni wodulira nkhuku yosaphika waugwiritsanso ntchito pa saladi osatsuka, zomwe wataya m'bini, komanso mmene akulankhulira ndi wotsuka mbale.

Asanasaine kontrakiti, mwini lesitilanti aimbire foni komwe munthuyo ankagwira kale, ndipo afunse funso limodzi lolunjika: kodi sitoko inkagwirizana ndi malisiti iye ali m'khitchini?