Kufupikitsa Chidziwitso cha pa WhatsApp Kuti Chimveke Pongochiona

Makomiti ambiri, kaya a m'madoko kaya a alimi a nsomba m'madamu, tsopano amaitanitsa anthu kudzera pa gulu la pa WhatsApp. Dandaulo la alembi ndi limodzimodzi paliponse: uthenga unatumizidwa, foni ikuonetsa kuti anthu anautsegula, koma tsiku litafika pabwera anthu anayi okha. Kawirikawiri vuto silikhala la anthuwo. Limakhala la uthenga umene mfundo yake yakwiririka pakati pa malonje ndi mbiri.

Titenge chitsanzo ku Thyolo, kumene alimi ena a nsomba amagwiranso ntchito m'maesiteti a tiyi monga Satemwa, Makandi, Conforzi ndi Naming'omba. Nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndi pamene tiyi amaphukira kwambiri ndipo wothyola amalawirira m'bandakucha. Munthu wotere foni amaisuzumira ali pamzere wokayezetsa tiyi pasikelo, kapena madzulo atatopa, batire litatsala pang'ono. Alibe mpata wowerenga kalata. Msodzi amene akukokera bwato kumtunda alinso chimodzimodzi, choncho zimene zikunenedwa pano zigwira ntchito padoko lililonse.

Zimene foni imaonetsa munthu asanatsegule uthenga

Pamndandanda wa macheza a pa WhatsApp, pa mafoni ambiri pansi pa dzina la gulu pamaoneka mzere umodzi wokha wa uthenga womaliza. Mzere womwewo umayamba ndi dzina kapena nambala ya wotumiza, ndiye malo otsalira mawu anu ndi ochepa zedi, makamaka pa mafoni ang'onoang'ono. Munthu amaweruza ndi mawu oyambawo ngati uthengawo ndi wofunika kuutsegula tsopano kapena ungadikire. Akaona "Moni nonse abale ndi alongo" amaganiza kuti ndi malonje a m'mawa ngati ena onse, n'kubweza foni m'thumba.

Chachiwiri, uthenga ukatalika kwambiri WhatsApp imaudula n'kuika mawu akuti Read more kumapeto. Zonse zimene zili kuseri kwa mawu amenewa zimaonekera kwa yekhayo amene wadinapo. Tsoka lake, alembi ambiri amaika nkhani ya ndalama ndi tsiku lomaliza kumapeto kwenikweni, chifukwa mwamwambo wathu nkhani yovuta sitiyambira.

Chidziwitso chisanakonzedwe

Tiyerekeze kuti gulu la alimi a nsomba pafupi ndi esiteti ina likuyembekezera mbewu ya makumba, ndipo mlembi walemba motere:

"Moni nonse abale ndi alongo m'gulu lathu lino. Ndikhulupirira kuti nonse mwadzuka bwino pamodzi ndi mabanja anu. Choyamba ndithokoze a Tcheya, a Mfumu ndi onse amene munabwera ku msonkhano wathu wapitawu ngakhale kunali mvula. Monga mukudziwa, takhala tikudandaula nthawi yaitali za kusowa kwa mbewu ya nsomba, ndipo komiti yakhala ikuyesetsa kuyankhula ndi alangizi. Ndiye ndafuna ndikudziwitseni kuti zatheka, mbewu ya makumba ibwera Loweruka likubwerali m'mawa pamalo pathu pa nthawi zonse. Aliyense abwere ndi ndowa zake. Komanso tikukumbutsa amene sanapereke ndalama ya thiransipoti ija kuti apereke kwa msungichuma pasanafike Lachinayi chifukwa amene sapereka sawerengedwa. Nkhani ina, ena mwa inu simukubwera ku misonkhano, izi tidzakambirana. Zikomo kwambiri, Ambuye akudalitseni nonse."

Uthengawu ndi waulemu ndipo pamsonkhano wa pansi pa mtengo ungamveke bwino. Koma uli ndi mawu oposa 100. Wowerenga adutsa mawu oposa 50 asanamve kuti mbewu ikubwera, ndi mawu oposa 70 asanamve za ndalama. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale ndi wautali chonchi, zofunika zenizeni mulibe. Sunatchule kuchuluka kwa ndalama, deti, ola, ngakhale dzina la malo.

Funso loyamba musanadule mawu

Musayambe ndi kufufuta. Yambani mwadzifunsa kuti: munthu akawerenga uthengawu, achite chiyani, ndipo achite pofika liti? Mu chitsanzo chathu zochita zilipo ziwiri, kupereka ndalama ndi kukalandira mbewu. Mlembi anaona ngati nkhani yaikulu ndi kubwera kwa mbewu, chifukwa ndi imene ikusangalatsa. Koma chimene chili ndi tsiku lapafupi ndi ndalama, ndipo amene aphonya tsiku limenelo mbewu sailandira n'komwe. Ndiye mzere woyamba ukhale wa ndalama. Lamulo lake n'lakuti chimene munthu angataye nacho kanthu msanga ndicho chikhale pamwamba.

Mukapeza mfundo imeneyi, ziganizo zina zonse muziyese ndi funso limodzi: chiganizo ichi chikachoka, alipo amene alakwitse tsiku, malo, ndalama kapena chonyamula? Ngati palibe, chichoke. Kuthokoza a Tcheya ndi a Mfumu kuchoke, mudzawathokoza pamsonkhano pamaso pa anthu, pamene kuthokoza kumakoma. Mbiri ya kusowa kwa mbewu ichoke, poti mlembi mwini wanena kale kuti "monga mukudziwa". Nkhani ya anthu osabwera ku misonkhano ichokenso, ndipo imeneyi ndiyo yoopsa kwambiri. Mukaisiya, mayankho onse akhala odziteteza, wina akuti ndinali ku maliro, wina akuti ndinali pa ntchito, ndipo pomafika madzulo chidziwitso cha mbewu chakwera kutali pamwamba pa mauthenga makumi angapo. Nkhani imeneyo idikire tsiku lina ndi uthenga wake.

Malo amene mwapeza podula, muikemo zimene zinasowa

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Kufupikitsa sikutanthauza kungochepetsa mawu. Mawu ena osamveka bwino amafunika kuwatalikitsa.

"Loweruka likubwerali" limamveka kwa wolemba pa tsiku limene walemba. Koma wina bandulo imamuthera n'kudzatsegula foni patapita masiku anayi, ndipo wina amalandira uthengawo wochita kutumiziridwa ndi mnzake, popanda chosonyeza tsiku limene unalembedwa koyamba. Lembani dzina la tsiku ndi deti pamodzi: Loweruka 14 Febuluwale. Dzina la tsiku limathandiza amene sasunga madeti, deti limathandiza amene wawerenga mochedwa. Mawu akuti "mawa", "mkuja" ndi "sabata yamawa" asapezeke m'chidziwitso.

"Pasanafike Lachinayi" ndi mawu obweretsa mkangano. Wina abwera ndi ndalama Lachinayi m'mawa n'kunena kuti sanachedwe. Tchulani tsiku lomaliza lenilenilo: pofika Lachitatu 11 Febuluwale. "Ndalama ija" ikhale nambala. "M'mawa" akhale ola, chifukwa mbewu ya nsomba imafunika kunyamulidwa kukadali kozizira, ndipo wobwera 10 koloko nayenso amati wabwera m'mawa. "Pamalo pathu pa nthawi zonse" sipadziwika kwa membala watsopano kapena kwa mwana amene watumidwa.

Chidziwitso chija chikakonzedwa chikhala chotere, monga mmene mungachilembere pafoni:

```
*Perekani K5,000 ya mbewu pofika Lachitatu 11 Febuluwale*
Moni nonse. Ndalamayi ndi ya thiransipoti, ipite kwa msungichuma. Wosapereka sawerengedwa.
*Kulandira mbewu ya makumba:* Loweruka 14 Febuluwale, 6 koloko m'mawa, padamu la gulu.
Bwerani ndi ndowa ziwiri zotsuka bwino. Amene ali pa ntchito atume munthu.
Mlembi, m'malo mwa komiti
```

Mawu ake sakukwana 50, koma akunena zambiri kuposa uja wa mawu oposa 100. Tizizindikiro ta nyenyezi tija timachititsa kuti mawu ali pakati pake aoneke akuda kwambiri. Nyenyeziyo igundane ndi chilembo choyamba ndi chomaliza. Mukasiya mpata, mawu sada ndipo nyenyezi zimangoonekera. Musadetse mawu ambiri. Mizere iwiri yakwana, chifukwa zonse zikada diso lilibenso pogwera.

Moni sanatayidwe, wangotsikira pa mzere wachiwiri. Ena adzati kuyamba ndi ndalama musanapereke moni ndi mwano, makamaka ngati a Mfumu ali pagulupo. Maganizo anga ndi akuti mzere woyamba tiziuona ngati mutu wa kalata, osati chiyambi cha kuyankhula. Ngakhale kalata ya ku ofesi ya boma imakhala ndi mutu wodulidwa mzere kunsi ndipo palibe amene amakhumudwa nawo. Ndi bwino kufotokoza zimenezi kamodzi pamsonkhano, ndiponso a Mfumu kuwadziwitsa nkhani mwapadera uthenga usanapite pagulu.

Onaninso kuti mawu akuti "zotsuka bwino" ndi "atume munthu" ndi owonjezera, ndipo sayenera kudulidwa. Ndowa imene munali sopo kapena mankhwala opopera mbewu ikhoza kupha tinsomba tisanafike padamu. Ndipo wogwira ntchito pa esiteti akaona 6 koloko popanda mawu oti akhoza kutuma wina, angoganiza kuti iye zamudutsa.

Chithunzi cha kalata ndi uthenga wa mawu

Kalata yochokera ku ofesi ikabwera, alembi ambiri amangoijambula n'kuponya pagulu. Anthu ochuluka anatseka zoti zithunzi zizitsika zokha pofuna kusunga bandulo, choncho amangoona chithunzi chosaoneka bwino ndipo sachitsitsa. Netiweki ikafooka, monga zinachitikira m'madera ambiri a kum'mwera nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mawu olembedwa amadutsa msanga kuposa chithunzi. Lembani mfundo ya kalatayo m'mizere itatu, chithunzi chibwere pambuyo ngati umboni.

Uthenga wa mawu umathandiza amene kuwerenga kumawavuta, ndipo m'magulu athu alipo. Koma suoneka pongouyang'ana, ndipo munthu sangabwerere kukafufuza deti popanda kuumvetseranso. Tumizani wolembedwa poyamba, kenaka muwerenge mawu omwewo m'kauthenga ka mawu kosapitirira theka la mphindi.

Kudziwa ngati chamveka

Musanatumize, patsani foni munthu amene sanali pamsonkhano, ayang'ane kanthawi kochepa, mulande foniyo n'kumufunsa kuti achite chiyani, liti ndi kuti. Akakayika pa chimodzi, konzani pamenepo. Mukatumiza, mayankho adzakuuzani okha. Anthu akamafunsa kuti "ndi zingati?" kapena "nthawi yanji?" ndiye kuti mfundoyo inasowa kapena inabisika. Musadalire zimene foni imaonetsa pa Info, chifukwa imangotchula amene atsegula uthenga, osati amene aumvetsa.

Mukaona cholakwika, kuyambira 2023 WhatsApp imalola kukonza uthenga ndi Edit pasanathe mphindi 15. Nthawi imeneyi ikadutsa, fufutani wolakwikawo posankha Delete for everyone, ndipo watsopano uyambe ndi mawu akuti KUSINTHA, kuti pagulu pasakhale madeti awiri otsutsana. Pomaliza ukhomeni pamwamba pa macheza posankha Pin. Foni ikufunsani ngati ukhale maola 24, masiku 7 kapena masiku 30. Pa chidziwitso cha mbewu chija, chotumizidwa Lolemba 9 Febuluwale, masiku 7 akwanira mpaka Loweruka lolandira.