Mizere iwiri yoyamba pa Facebook

Ndimati ndikaona nkhani pa Facebook yoyamba ndi "Moni nonse abale ndi alongo, ndikhulupirira mwadzuka bwino," chala changa chimangopitirira. Si mwano ayi. Pa foni, Facebook imaonetsa mizere yochepa yokha, kenako imadula n'kuika mawu akuti See more. Moni uja wadya kale malo onse, nkhani isanayambe.

Tiyerekeze mayi wogulitsa nkhuku akufuna kuuza anzake za chitopa. Walemba kuti: "Lero ndafuna tikambirane nkhani yofunika kwambiri yokhudza ulimi wa nkhuku." Apa owerenga sanamve chilichonse chatsopano, ndipo mawu oti "yofunika kwambiri" aliyense amawanena. Tsono taonani akayamba chonchi: "Nkhuku ikayamba kupinda khosi ndi kutsegula m'mimba zobiriwira, mwachedwa kale: chitopa chilibe mankhwala." Woweta nkhuku aliyense aima pomwepo, chifukwa waona khola lake m'maganizo, ndipo akufuna kudziwa chochita. Yankho lake, loti katemera aperekedwe matenda asanafike, liri m'munsimo. Adina basi.

Ine ndimalemba nkhani yonse kaye, kenako n'kufufuza chiganizo chimene chili ndi chinthu chogwirika. Kawirikawiri chimabisala m'ndime yachiwiri kapena yachitatu. Ndimachikweza pamwamba, zoyambirira zija n'kufufuta.

Koma samalani ndi nyambo yopanda kanthu, monga "Simukhulupirira zimene ndaona!" Munthu akadina n'kupeza madeya okhaokha, mawa sadzadinanso. Moniwo musautaye, ingouikani kumapeto.