Nambala 300 ikasanduka 11265

Kompyuta imasunga zinthu m'timagawo totchedwa mabayiti. Bayiti imodzi imanyamula nambala kuyambira 0 kulekeza 255 basi, ndiye nambala yoposa pamenepo imafuna mabayiti awiri kapena kuposerapo. Titenge 300. Muli 256 mmodzi, n'kutsala 44. Choncho bayiti yaikulu ndi 1, yaing'ono ndi 44.

Nanga iyambe kusungidwa ndi iti? Apa opanga makina sanamvane. Mapulosesa a Intel amaika yaing'ono pa adiresi yoyamba, yaikulu pambuyo: 44, kenako 1. Motorola 68000 imayamba ndi yaikulu: 1, kenako 44. M'mabuku, njira ya Intel imalembedwa `little-endian`, inayo `big-endian`. Zonse n'zabwino makina akamagwira okha.

Vuto limabuka makina awiri akalumikizidwa ndi waya wotumiza mabayiti motsatizana, monga RS-232. Wayawo sudziwa kuti mabayiti awiriwa ndi nambala imodzi. Umangowapereka monga aperekedwera. Tinene kuti sikelo yatumiza 300 moyamba ndi yaikulu, koma pulogalamu yolandira ikuganiza kuti yoyambayo ndi yaing'ono. Idzachulukitsa 44 ndi 256, n'kuwonjezera 1, n'kupeza 11265. Choopsa n'chakuti palibe chenjezo lililonse, poti bayiti iliyonse yafika bwinobwino.

Chizindikiro chake n'chosavuta: kulemera kukakwera ndi 1, nambala yolandiridwa imalumpha ndi 256. Mukaona zimenezo musathamangire kusintha waya. Onani buku la chipangizocho kuti mudziwe bayiti yoyamba kutumizidwa, ndipo muilumikize nambalayo nokha:

```
n = b[0]*256 + b[1];
```

Mzerewu ndi wa chipangizo choyamba ndi yaikulu, ndipo umapereka 300 pa pulosesa iliyonse.