Kanema wamdima amakonzeka, koma ali ndi malire

Anthu akabweretsa kwa ife okonza makanema chimene anajambula usiku, pempho lawo limakhala limodzi, loti tiwalitse kuti nkhope zioneke. Amaganiza kuti chithunzi chonse chilimo, changophimbidwa ndi mdima, ndipo ntchito yathu ndi kuchivundukula. Ine ndimaona kuti maganizo amenewa ndiwo amawononga makanema ambiri kuposa mdimawo. Kuwala kumene sikunalowe mu kamera sikungabwezedwe pa kompyuta. Chimene tingathe ndi kuyeretsa kuwala kochepa kumene kunalowako, kenako n'kukukweza pang'ono, motsatana choncho, ndi kusiya mdima wina ukhale mdima.

Tiyambe ndi kumene timadontho tosokoneza ta pa kanema wamdima timachokera. Kuwala kumafika pa sensa ya kamera ngati tizigawo tosawerengeka totchedwa mafotoni, ndipo sitigwa mofanana paliponse. Mukaika makapu panja mvula ikuwaza, ena amalandira madontho 8, ena 12, koma pa chimvula champhamvu onse amadzaza mofanana. Mapikiselo a kamera ndi otero. Pikiselo yolandira mafotoni 100 imasiyana ndi inzake ndi pafupifupi 10, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo 10. Yolandira mafotoni 10,000 imasiyana ndi pafupifupi 100, gawo limodzi lokha mwa magawo 100. Kusiyana kumeneku ndiko timadontho timene timathwanima pa kanema. Wojambula akakweza ISO kufika 6400 sawonjezera fotoni ngakhale imodzi, amangokulitsa zimene zalowa, zabwino ndi zoipa pamodzi. Ifenso tikawalitsa pa kompyuta timachita zomwezo kachiwiri.

Titenge kanema wa phwando la ukwati, wojambulidwa usiku mu holo ya mababu ochepa, zithunzi 25 pa sekondi, ISO 6400, wosungidwa mu H.264 ya mabiti 8. Choyamba ndi kupempha fayilo yochokera pa khadi ya kamera yeniyeniyo. Imene yadutsa pa WhatsApp yafinyidwa, ndipo timadontho tasanduka timabokosi timene chida chochotsera timadontho sichitizindikira bwino. Chachiwiri ndi kusakhulupirira maso, chifukwa sikirini iliyonse imawala mwakemwake. Mu DaVinci Resolve timatsegula Waveform, imene imayeza kuwala kuyambira pakuda bii mpaka poyera mbee. Tiyerekeze kuti pa muyeso wa 0 mpaka 100, nkhope ya mkwatibwi ili pa 20. Kanema wa mabiti 8 amasunga masitepe pafupifupi 220 a kuwala, choncho zonse za pansi pa 20, nkhope, masuti ndi khoma, zapanikizana m'masitepe 44 okha. Kukweza nkhopeyo kufika pa 40 n'kutambasula masitepe 44 aja kuti adzaze malo a 88, ndipo n'chimodzimodzi kuchulukitsa kuwala kuposa kanayi. Apa mpamene pali malire a fayilo yotere. Mukapitirira, khoma limayamba kuonetsa mizeremizere ndipo mitundu imagawika zigambazigamba.

Tisanakweze, timayeretsa, ndipo njira zake ndi ziwiri. Temporal NR imayerekeza chithunzi ndi zinzake za m'mbuyo ndi za m'tsogolo. Khoma limakhala pomwepo koma timadontho timasintha malo pa chithunzi chilichonse, motero zikaphatikizidwa khoma limatsala, timadontho n'kufafanizana. Kuphatikiza zithunzi zinayi kumachepetsa timadontho ndi theka pa malo osasuntha. Njira imeneyi ndiyo ndimaidalira, chifukwa imagwiritsa ntchito kuwala kwenikweni kumene kamera inalandira. Spatial NR imagwira pa chithunzi chimodzi, kusalaza pikiselo ndi zoyandikana nazo, ndipo sidziwa kusiyanitsa kadontho ndi ulusi wa velo. Pa kanema wathuyu ndingayambe ndi Frames pa 2 ndi Motion Est. Type pa Better, n'kulekanitsa Luma ndi Chroma. Chroma ndi timadontho tamitundu, tofiira, tobiriwira ndi tabuluu, timene timanyansa kwambiri pa suti yakuda. Timeneti ndimatichotsa molimba mtima, chifukwa diso la munthu silitsata kwambiri tsatanetsatane wa mitundu. Luma ndi timadontho ta kuwala, ndipo mmenemo ndi mmene muli tsitsi, nsidze ndi maonekedwe a khungu, choncho ndimaikweza pang'onopang'ono, nthawi zambiri osafika theka la Chroma. Zida zimenezi zili mu Resolve yogula, ya Studio. Amene alibe angagwiritse ntchito `hqdn3d` ya mu FFmpeg, yaulere, imene ili ndi mbali zinayi zomwezi.

Zikalakwika zimaoneka, bola mudziwe poyang'ana. Pamene akwati akhala pa tebulo zonse zimayenda bwino, koma pa perekaniperekani anthu akuvina ndi kuponya ndalama. Frames pa 2 imaphatikiza chithunzi ndi ziwiri za m'mbuyo ndi ziwiri za m'tsogolo, ndipo zithunzi zisanuzi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, nthawi yokwanira kuti mkono uchoke m'chiuno kufika pamutu. Temporal NR ikachuluka, mkonowo umasiya chithunzithunzi kumbuyo kwake. Pamenepo timadula kanemayo, gawo lovinalo n'kulipatsa Frames 1 ndi Luma yocheperapo. Musaweruze pa chithunzi choimitsidwa, chifukwa vuto limeneli limabisala mpaka kanema atayenda. Spatial NR ikachuluka, masaya amasalala ngati apakidwa phula, ndipo ndevu zimasanduka banga.

Anzanga ena pa ntchitoyi amati ndi bwino kuwalitsa kaye, chifukwa mumdima timadontho sitioneka ndipo sungayeretse chimene sukuchiona. Vuto akulitchulalo ndi loona, koma yankho lake ndi lina. Ikani chida choyeretsera patsogolo, chowalitsira pambuyo pake, ndipo muzisintha choyambacho mukuyang'ana zotuluka kumapeto. Mukayeretsa pambuyo, kuwalitsa kwakulitsa kale timadontho ta m'mithunzi kuposa ta powala, ndipo mphamvu yokwanira mithunzi imakhala yowononga nkhope. Powalitsapo, ndimagwira Gamma, imene imakweza zapakati. Gain ingapsereze diresi loyera ndi mababu, pamene Lift ingasandutse pakuda kukhala potuwa, n'kuulula timadontho pamalo pamene talipo tambiri koma palibe choonera.

Ena amafunsa chifukwa choimira pa 40 pamene maphunziro ambiri amati nkhope ikhale cha pa 60 kapena 70. Manambala amenewo anayezedwa pa khungu loyera. Khungu lakuda limabweza kuwala kochepa, ndipo kulikokera kumeneko kumalituwitsa ndi kukulitsa timadontho popanda phindu. Nkhope imaoneka bwino ikasiyana ndi zimene zili kumbuyo kwake, ndipo nthawi zambiri n'kwanzeru kujambulira nkhope yokha malire, kuikweza, khoma n'kulisiya lakuda.

Kutsutsa kolimba kwambiri kumachokera kwa mwini kanema, amene walipira ndipo akufuna chithunzi chopanda kadontho ngakhale kamodzi. Ndimamumvetsa, koma pa fayilo ya mabiti 8 timadontho tochepa ndi tothandiza. Ndito timabisa polumikizana masitepe 44 aja, ndipo tikachotsedwa tonse mizere ya pakhoma imaonekera poyera. N'chifukwa chake okonza ambiri, akamaliza kuyeretsa, amabwezeramo timadontho tating'ono kwambiri topanda mtundu. Amasunganso fayilo yomaliza pa mlingo wokwera wa mabiti pa sekondi, chifukwa ikafinyidwa kwambiri timadontho tabwinoto timayamba kutayidwa, mizere ija n'kubwereranso.