Pamene Mankhwala Avuta M'mimba: Metifomini, Ayironi ndi Nthawi ya Chakudya

Metifomini, mankhwala amene odwala matenda a shuga ambiri amayambira, ndi ayironi, amene anthu amangoti mankhwala owonjezera magazi, amafanana pa chinthu chimodzi: onse awiri amakonda kuvuta m'mimba. Nseru, kutupidwa, kupotokola, kutsegula m'mimba kapena kudzimbidwa zimachititsa anthu ambiri kusiya mapiritsi mwakachetechete, osamuuza dokotala. Chakudya chimachepetsa mavutowa pa mankhwala onse awiri, koma sichigwira ntchito mofanana. Metifomini sataya mphamvu yake yochiza akamwedwa ndi chakudya, pamene ayironi amalowa wochepa m'thupi akakumana ndi zakudya zina. N'chifukwa chake lamulo la mankhwala amodzi siliyenera kungotengeredwa pa enawo.

Metifomini akamezedwa, gawo lalikulu limakhalitsa m'matumbo ndi kuunjikana m'khoma lake. Kumeneko amasintha mmene matumbo amayamwira shuga ndi ndulu, ndipo madzi amachuluka m'chimbudzi. Ena amamvanso kukoma kwachitsulo m'kamwa ndipo chilakolako cha chakudya chimachepa. Piritsi likagwera m'mimba mopanda kanthu, mankhwala onse amafika m'matumbo nthawi imodzi. Likasakanikirana ndi nsima ndi ndiwo, limatsika pang'onopang'ono ndipo matumbo amalilandira bwino. Motero metifomini amamwedwa pakati pa chakudya kapena munthu atangomaliza kudya.

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa mosadziwa. M'makomo ambiri chakudya cham'mawa chimakhala kapu ya tiyi, mwina ndi kachidutswa ka buledi, ndipo munthu amamwera piritsi pamenepo n'kumaona ngati watsatira malangizo. Tiyi yekha si chakudya. Phala, mbatata, chinangwa kapena chimanga chophika ndizo zimene zingagwire piritsilo. Ngati m'mawa simupezeka chakudya cholimba, ndi bwino kuti piritsi loyamba lizimwedwa pa chakudya chamadzulo.

Kuchuluka kwa mankhwala nako n'kofunika. Kawirikawiri munthu amayamba ndi piritsi limodzi la mamiligalamu 500 patsiku. Pakatha sabata imodzi kapena awiri m'mimba muli bata, amawonjezera lachiwiri pa chakudya china, mpaka kufika pa mlingo umene dokotala akufuna, womwe nthawi zambiri supitirira mamiligalamu 2,000 patsiku. Vuto likabwerera pokweza mlingo, njira yabwino n'kubwerera pa mlingo wam'mbuyo kwa sabata zingapo n'kudzayesanso. Kwa anthu ambiri m'mimba mumazolowera pakapita sabata zochepa. Kwa amene sizikusintha, pali metifomini wosungunuka pang'onopang'ono, amene amamwedwa kamodzi madzulo ndipo saswedwa kapena kutafunidwa.

Pali nthawi imene kupirira kumakhala kolakwika. Munthu akamasanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri mpaka kutha madzi m'thupi, impso zimalephera kutulutsa metifomini, ndipo asidi angathe kuchuluka m'magazi. Vutoli silichitikachitika, koma limapha. Wodwala wotere ayenera kuimitsa kaye mapiritsiwo, kumwa madzi a mchere ndi shuga obwezera madzi m'thupi, ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati akupuma mofulumira kapena wafooka kwambiri. Mowa wambiri umakulitsa ngoziyi.

Nkhani ya ayironi ndi yovutirapo. Piritsi lodziwika la mamiligalamu 200 limakhala ndi ayironi weniweni wokwana pafupifupi mamiligalamu 65, ndipo amayi oyembekezera amalandira kusikelo ayironi wophatikiza ndi foliki asidi. Thupi limayamwa kagawo kochepa chabe ka ayironiyu. Wotsalayo amapalapala khoma la chifu ndi matumbo, n'kubweretsa nseru, chilungulira ndi kudzimbidwa. Amalowa bwino kwambiri m'mimba mukakhala mopanda kanthu, ndiko kuti ola limodzi munthu asanadye kapena maola awiri atadya. Koma nthawi imeneyi ndi yomwenso amavuta kwambiri.

Choncho pamafunika kuyeza mbali ziwiri. Amene sakumva vuto lililonse apitirize kumwa asanadye. Amene akuchita nseru amwere pa chakudya chochepa, ngakhale kuti ayironi wolowa achepako, chifukwa piritsi lomwedwa tsiku lililonse limawonjezera magazi kuposa losiyidwa m'thumba. Chofunika ndi kusankha chakudyacho. Tiyi ndi khofi zili ndi zinthu zimene zimamanga ayironi kuti asalowe m'magazi, ndipo mkaka ndi mankhwala a chilungulira zimachitanso chimodzimodzi. Gaga wa mu mgaiwa ndi nyemba nazo zimatchingako, ngakhale kuti ndi zakudya zabwino zosayenera kusiyidwa. Zipatso za vitamini C monga gwafa, lalanje, papaya ndi malambe zimathandiza ayironi kulowa. Kachipatso ndi madzi ndiye mnzake wabwino wa piritsili, ndipo tiyi adikire maola awiri.

Kumwa ayironi katatu patsiku, monga zinkachitikira kale, sikupindulitsa monga anthu amaganizira. Munthu akamwa piritsi, chiwindi chimatulutsa chinthu chotchedwa hepisidini chimene chimachepetsa kuyamwa ayironi wina kwa pafupifupi tsiku lathunthu. Ayironi wa m'mapiritsi obwera pambuyo amalowa wochepa m'thupi, koma amawonjezera kupweteka m'mimba. Ndiye chifukwa chake madokotala ambiri masiku ano amalemba piritsi limodzi patsiku, ndipo kwa amene akuvutika kwambiri, limodzi modumphitsa tsiku. Kusinthaku azipanga ndi wachipatala, makamaka kwa mayi woyembekezera.

Tiyerekeze mayi amene ali ndi matenda a shuga ndipo wapezekanso ndi magazi ochepa. Wapatsidwa metifomini kawiri patsiku ndi ayironi kamodzi. Akameza zonse m'mawa ndi tiyi, m'mimba mumuvuta ndipo ayironi wambiri awonongeka. Dongosolo labwino lingakhale lotere: 7 koloko adye phala n'kumwa metifomini, ndipo tiyi amwe pomwepo, cha m'ma 10 koloko amwe ayironi ndi gwafa, madzulo amwe metifomini wachiwiri ali pakati pa nsima. Ngati ayironi wam'mawa akumuchititsabe nseru, amusunthire madzulo, pakapita nthawi atadya koma asanagone pansi, ndipo ammeze ndi kapu yodzaza madzi. Kulekanitsa kotere kumathandizanso kudziwa kuti mankhwala amene akuvuta ndi ati.

Ayironi amamanganso mankhwala ena. Mapiritsi a ma ARV amene ambiri akumwa m'Malawi ali ndi dolutegilaviya, yemwe amachepa mphamvu akamwedwa pamodzi ndi ayironi m'mimba mopanda kanthu. Awiriwa angamwedwe limodzi pa chakudya; apo ayi, ma ARV atsogole ndi maola awiri, kapena abwere patapita maola 6 munthu atamwa ayironi. Sipulofulokisasini ndi dokisisayikilini nawo amafuna kutalikitsidwa ndi ayironi.

Chimbudzi chakuda kapena chobiriwira mwakuda n'chachizolowezi kwa womwa ayironi ndipo sichoopsa. Choopsa ndi chakuda chonanda ngati phula, chonunkha kwambiri, chobwera ndi chizungulire kapena kusanza magazi, chifukwa chimasonyeza kuti m'mimba mukutuluka magazi. Kudzimbidwa kumachepa ndi madzi ambiri, masamba ndi zipatso. Magazi akabwerera mwakale, ayironi amapitirizidwa kwa miyezi ina itatu kuti thupi lisungeko wina. Nthawi yonseyi mapiritsi azikhala patali ndi ana, pakuti ochepa okha angathe kupha mwana wamng'ono.