Nyimbo ya m'buku, kolasi ndi zina: zimasiyana pati?

Wopeka watsopano ayambe wafunsa kuti nyimbo yake adzaiimba ndani.

Nyimbo ya m'buku imakhala ndi mavesi ofanana mapande, chiphunzitso chikukula vesi ndi vesi. "Amazing Grace" ya John Newton, yosindikizidwa mu 1779, mizere yake imayenda ndi mapande 8, 6, 8, 6. Wopeka akawonjezera phande limodzi m'vesi lachiwiri, mpingo umapunthwa pomwepo.

Kolasi ndi yaifupi: ganizo limodzi, lobwerezedwa ndi m'manja.

Sipiricho inabadwira mu ukapolo ku Amereka; wina amatsogolera, gulu likuvomera. Tchanti, monga ya Gregori, ilibe kugunda kokhazikika, mawu a salimo ndiwo amatsogolera maimbidwe. Woiimbira ng'oma amaiwononga.